Kabuku ka pulogalamu ya maliro: pindani pepala musanayatse kompyuta

Aliyense ndamupatsa mapepala awiri oyera a A4. Musalembepo kaye, tiwagwiritsa ntchito posachedwapa.

Zovuta zikagwa pakhomo, akuluakulu amagawana ntchito. Ena za bokosi, ena za galimoto, amayi kumoto, adzukulu kumanda. Ikafika nkhani ya kabuku ka pulogalamu, maso onse amatembenukira kwa ife achinyamata, amvekere, "Inu odziwa za makompyutanu, tatipangirani." Nthawi imakhala ya usiku umodzi kapena awiri, ndipo cholakwika chikalowa, chalowa m'timabuku 200 tomwe anthu adzatenge kupita nato kwawo. Nyimbo ikalakwika timayambiranso, koma dzina la mwana wa malemu likasowa papepala, banja limakhala likuyikamba nkhaniyo zaka ndi zaka.

Ndiye lero tiyende limodzi ndi chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze kuti atisiya ndi agogo aamuna, mphunzitsi wopuma pantchito. Amwalira Lolemba, kuika ndi Lachinayi, banja likufuna timabuku 200, ndipo ndalama zilipo ndi za fotokope wamba, osati zamitundumitundu.

Poyamba, kuwerenga masamba

Tengani pepala limodzi, muligoneke chopingasa, mulipinde pakati. Mwapeza masamba angati? Anayi: lakutsogolo, awiri am'kati ndi lakumbuyo. Tsamba lililonse ndi theka la A4, lomwe pamakina limalembedwa A5. Apa ndiye pagona lamulo loyamba. Kabuku kopinda kamayenda ndi masamba anayianayi: 4, 8, 12, 16. Ka masamba 9 kapena 10 kulibe. Mukalemba zinthu zodzaza masamba 9, makina adzakupatsani 12, atatuwo opanda kanthu, ndipo banja lidzalipira pepala lachitatu pa kabuku kalikonse.

Izi si zazing'ono. Kabuku ka masamba 8 kamadya mapepala awiri, ndiye timabuku 200 ndi mapepala 400. Phukusi limodzi la mapepala limakhala ndi 500, kusonyeza kuti likwanira, n'kutsalanso ena oyeserera ndi olowa m'malo mwa owonongeka. Mukapita ku masamba 12, afunika mapepala 600, phukusi lachiwiri latsegulidwa, mtengo wa fotokope wakwera ndi theka. Choncho funso loti "masamba angati" si lanu nokha. Pitani nalo kwa amene akusunga ndalama za chipepeso musanalembe liwu ndi limodzi lomwe. Pachitsanzo chathu, banja lati masamba 8.

Tsopano pindaninso pepala lachiwiri lija, mulilowetse m'kati mwa loyamba. Tengani cholembera, mulembe manambala kuyambira pachikuto, 1 mpaka 8, ndipo patsamba lililonse mulembe chimene chidzakhalepo. Ine ndimayala chonchi. Tsamba 1 ndi chikuto: chithunzi, dzina lonse, tsiku lobadwa ndi lomwalira, malo ndi tsiku la mwambo. Masamba 2 ndi 3 ndi mbiri ya malemu. Masamba 4 ndi 5 ndi ndondomeko ya mwambo. Masamba 6 ndi 7 ndi mawu okumbukira malemu ochokera kwa abale ndi anzawo. Tsamba 8 ndi mawu othokoza ochokera kubanja.

Wina afunsa kuti bwanji ndondomeko ya mwambo ndaika pakati, osati koyambirira. Taikani kabuku kanuko pantchafu, mukasiye. Katseguka pati? Pa 4 ndi 5, chifukwa ndi pepala limodzi losadukiza. Munthu pamaliro dzanja lina lagwira ambulera, lina mwana, alibe mpata wofufuza. Chimene adzafune kuona kambirimbiri, kuti tafika pati, ayankhule ndani, nyimbo ndi iti, chikhale pamene kabuku kamatseguka kokha. Patsamba 4 muike zochitika pasiwa ndi kutchalitchi, patsamba 5 za kumanda, monga kuyala nkhata. Ndondomeko imeneyi musaipeke. Itengeni kwa akumpingo ndi kwa woyendetsa mwambo, chifukwa malo a mawu a mfumu, a kubanja ndi a kuntchito amasiyana mudzi ndi mudzi, mpingo ndi mpingo. Polemba nyimbo, mutchule nambala pamodzi ndi buku lake, pakuti nambala ya mu Nyimbo za Mulungu si yomweyo mu Khristu mu Nyimbo, ndipo pamaliro pamabwera anthu a mipingo yonse.

Tsopano tulutsani mapepala aja, muwatambasule, muone zodabwitsa. Pepala lakunja, mbali imodzi kuli 8 kumanzere ndi 1 kumanja. Mukalitembenuza, 2 kumanzere ndi 7 kumanja. Pepala lam'kati lili ndi 6 ndi 3, kuseri kwake 4 ndi 5. Taphatikizani manambala oyandikanawo. 8 ndi 1, 2 ndi 7, 6 ndi 3, 4 ndi 5: paliponse yankho ndi 9. Kabuku ka masamba 12, yankho limakhala 13. Komanso nambala yogawika ndi 2 imakhala kumanzere nthawi zonse. Mukagwira ziwirizi, mungathe kuyang'ana pepala lotuluka m'makina n'kudziwa pompo ngati lasokonekera, musanalipinde n'komwe. Mukaona 1 ndi 2 ali moyandikana papepala limodzi, imitsani makina. Kabuku kameneko mukapinda, chikuto chidzapezeka kumbuyo.

Nkhani yabwino ndi yakuti simukuyenera kusanja manambalawa pamanja. Mu Word, musanayambe kulemba, tsatani njira iyi:

```
Layout > Margins > Custom Margins > Multiple pages: Book fold
```

Muonetsetse kuti pepala lasankhidwa ndi A4. Mukatero mumangolemba masamba motsatana, 1, 2, 3, ndipo Word amawasanja yekha posindikiza. Chitani izi poyamba penipeni. Mukadzasintha mutamaliza kale kuyala zinthu, zithunzi ndi mawu zimathawa m'malo mwake. Amene mumakonda Canva, pangani masamba a A5 limodzilimodzi, muwasunge ngati PDF, kenako posindikiza mu Adobe Acrobat Reader musankhe Booklet. Koma sankhani njira imodzi. Ngati fayilo yasanjidwa kale chakabuku ndiye wa pafotokope n'kudinanso Booklet, masamba amatuluka ting'onoting'ono, osakanikirana ngati nyemba ndi mchenga.

Chachiwiri, chithunzi

Chinthu choyamba chimene munthu amayang'ana ndi nkhope ya pachikuto, ndipo ndi pomwe zambiri zimawonongekera. Vuto limayambira pa katumizidwe. Mukapempha chithunzi pagulu la banja, wina amangojambula sikirini ya foni yake, kapena kutenga kachithunzi ka papulofailo. Pafoni chimaoneka bwinobwino, koma papepala nkhope imasanduka timabokosi.

Chifukwa chake n'chakuti chithunzi chimapangidwa ndi timadontho, mapikiselo, ndipo pepala limafuna timadontho tochuluka kuposa sikirini. Osindikiza amafuna 300 pa inchi iliyonse, komwe ndi pafupifupi 120 pa sentimita. Ndiye masamu ake ndi osavuta: masentimita amene mukufuna, chulukitsani ndi 120. Chithunzi cha agogo athu tikufuna chikhale masentimita 10 m'lifupi ndi 12 m'litali, choncho chikhale ndi mapikiselo pafupifupi 1200 ndi 1440. Manambalawa mumawaona pafoni mukatsegula tsatanetsatane wa chithunzicho. Ngati mwapatsidwa cha mapikiselo 640 okha, chimenecho chimaoneka bwino pa masentimita asanu basi. Mukhoza kuchikulitsako pang'ono osaonekera kwambiri, koma osati kudzaza chikuto. Kachithunzi kakang'ono kooneka bwino, kozunguliridwa ndi malo oyera, kamapatsa malemu ulemu kuposa chachikulu chachimbuuzi.

Ndiye popempha, nenani kuti akutumizireni pa WhatsApp ngati Document, osati monga timatumizira zithunzi masiku onse, chifukwa njira ya masiku onseyo imachipana chithunzi. Ngati chomwe chilipo ndi chakale cha pakhoma, chichotseni m'galasi, muchigoneke pansi pamthunzi panja, foni ikhale pamwamba pake molunjika, osayatsa fulashi. Mukapendeketsa foni, mutu umatuluka waukulu kapena waung'ono kuposa mmene munthuyo analili.

Pochiika patsamba, gwirani pangodya pokoka, osati pambali. Kukoka pambali kumanenepetsa kapena kuwondetsa munthu, ndipo akazi awo adzazindikira nthawi yomweyo kuti nkhope iyi si ya amuna awo. Siyani kampata pamwamba pa mutu, musamete chipewa kapena duku. Maso akhale chakumtunda kwa chithunzi, osati pakatikati. Dzina ndi masiku zikhale pansi pa chithunzi, pamalo oyera. Mawu olembedwa pamwamba pa jekete yakuda kapena pa chitenje cha maluwa sawerengeka akadutsa pa fotokope. Ndipo ngati mwadula agogo pachithunzi cha gulu, monga cha paukwati, yang'anitsitsani paphewa. Nthawi zambiri pamatsala dzanja la munthu wina lopanda mwiniwake.

Zithunzi zam'kati zili ndi lamulo lake. Nkhope iziyang'ana m'kati mwa kabuku, osati kunja. Tili ndi chithunzi cha agogo ali mnyamata kusukulu ya uphunzitsi, akuyang'ana kumanzere. Chimenecho chipite tsamba 3, la kumanja, kuti aziyang'ana ku mbiri yawo. Chikadakhala choyang'ana kumanja, chikadapita tsamba 2. Chonde, musachitembenuze ndi kompyuta kuti chiyang'ane komwe mukufuna. Sinthani malo, osati munthu. Mukachitembenuza, chipsera cha patsaya chimasamuka, mphete imapita dzanja lina, ndipo malemba a pa baji kapena pa yunifomu ya mpingo amawerengeka chobwerera.

Musadutsitsenso chithunzi pamzere wopinda. Masamba 2 ndi 3 amaoneka ngati oyandikana, koma mwaona nokha kuti ali pa mapepala awiri osiyana, ndiye mbali ziwiri za chithunzi sizidzakumana ndendende. Pa 4 ndi 5 pokha ndi pamene chikhoza kudutsa, koma pamenepo ndi podzera mawaya a sitepula, ndipo palibe amene akufuna waya pamphuno ya agogo ake. M'mbali monse siyani mamilimita 15. Makina ambiri a m'mashopu sasindikiza mpaka m'mphepete mwa pepala, choncho mzere wokongoletsa woyandikira m'mphepete umadukaduka, kapena umaonetsa poyera kuti pepala linalowa mopendama.

China chofunika kwa ife anthu akhungu lakuda: fotokope imadetsa. Malo akuda amadetsedwa kwambiri, mpaka nkhope imangotsala mano ndi maso. Choncho sandutsani nokha chithunzi kukhala chakuda ndi choyera, muchiwalitse mpaka masaya ndi chipumi zioneke, ngakhale pasikirini chioneke ngati chayera mopitirira. Woweruza ndi pepala, osati sikirini. Ndipo ngati shopu ikutha, asindikize timabuku tonse kuchokera pa fayilo, osati kujambula pepala lomwe latuluka kale, chifukwa kope ya kope imada moonjeza.

Chachitatu, mawu okumbukira malemu

Apa ndi pamene pamafunika mtima, chifukwa tsopano mukugwira misozi ya anthu. Tiyambe ndi malo amene tili nawo. Tsamba la A5 lokhala ndi mamilimita 15 m'mbali, zilembo za saizi 11, ndi kampata kabwino pakati pa mizere, limatenga mizere pafupifupi 35. Mawu a Chichewa ndi aataliatali, mzere umodzi umanyamula 8 kapena 9. Mukachotsa malo a mitu ndi mipata, tsamba limodzi ndi mawu pafupifupi 250. Masamba athu awiri, 6 ndi 7, ndi mawu 500.

Ofuna kulemba alipo asanu: agogo aakazi, ana, zidzukulu, aphunzitsi anzawo ndi akumpingo. Ndiye kuti aliyense mawu pafupifupi 100. Nambala imeneyi auzeni Lachiwiri, asanalembe. Muwauze m'chinenero chomveka: "Mizere khumi ndi iwiri ya m'kope." Mukapanda kutero, Lachitatu usiku mudzalandira uthenga wa mwana wamkulu wa mawu 400, ndipo mudzakhala pamphambano.

Tiyerekeze kuti zachitikadi, mawu onse pamodzi afika 800. Mutani? Chimene ambiri amathamangira ndi kuchepetsa zilembo mpaka saizi 8 kuti zonse zilowe. Ayi ndithu. Ganizirani amene adzawerenge: anzawo a agogo, anthu a zaka 70, ali panja padzuwa, magalasi aiwala kunyumba, maso ali ndi misozi. Musatsike pansi pa saizi 11. Njira zoona zilipo zitatu. Mukhoza kuchotsa chithunzi cha patsamba 3 ndi kufupikitsa mbiri, kuti mawu a mmodzi alowe pamenepo. Mukhoza kubwerera kwa mwini mawu aataliwo, asankhe yekha ndime zolowa m'kabuku, zotsalazo akaziwerenge pamwambo. Kapena banja livomere masamba 12 ndi mtengo wake. Chimene simungachite ndi kudula nokha mwakachetechete. Chiganizo chimene inu mukuchiona ngati chobwereza, mwina ndi chimene mwiniwake analira polemba. Kukonza kalembedwe ka liwu n'kololedwa, koma dzina lachibwana limene zidzukulu zimawaitanira agogo lisiyeni mmene lilili, ndipo amene walemba m'Chitumbuka kapena m'Chiyao musamumasulire.

Ndani ayambe? Nalonso si funso la wa pakompyuta. Kawirikawiri amayamba ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu, kenako ana, zidzukulu, abale, ndiye akunja. Koma mabanja athu mukuwadziwa. Pena pali ana a nyumba ziwiri, pena akuchimuna ndi akuchikazi akuyang'anana. Funsani banja likupatseni munthu mmodzi, kaya ndi mwinimbumba kaya mwana wamkulu, woti mawu ake ndiwo omaliza. Malangizo a ena onse azidzera kwa iyeyo. Mukamamvera aliyense wokuimbirani foni, mudzasintha ndondomeko kasanu usiku umodzi.

Pakayalidwe, mawu a aliyense akhale ndi mutu waufupi wa zilembo zonenepa, monga "Kuchokera kwa ana", ndipo mitu yonse ifanane kukula. Mukakulitsa wina, mwanena kanthu kamene banja silinanene. Pakati pa mawu a uyu ndi a uyo siyani mpata wa mzere umodzi. Mutu usatsale wokha pansi pa tsamba mawu ake ali tsamba lina. Pachitsanzo chathu, agogo aakazi ndi ana akhala tsamba 6, otsala atatuwo tsamba 7, aliyense wathunthu pamalo pake.

Mizere iyambire kumanzere mofanana, kumanja muisiye ithere pomwe yathera. Mu Word ndi Align Left, osati Justify. Chifukwa chake ndi kutalika kwa mawu athu. Liwu ngati "tidzakukumbukirani" likalephera kukwana, limatsikira mzere wapansi, ndiye Justify amamwaza otsalawo, tsamba n'kukhala ndi mipata ngati mano a nkhalamba. Kuika mawu pakati n'kwa pachikuto ndi ndakatulo yaifupi basi. Mitundu ya zilembo ikhale iwiri yokha. Zopotanapotana zija, ngati mukuzifuna, zikhale pa dzina la pachikuto, ndime zonse zikhale za zilembo wamba monga Georgia kapena Times New Roman. Ngati dzina la banja limalembedwa ndi ŵ, mu Word lembani 0175 kenako mudine Alt+X, ndipo muone ngati mtundu wa zilembo mwasankhawo uli nacho chilembocho.

Pomaliza, kabuku kamodzi koyesera

Fayilo ipite kushopu ngati PDF. Mukapita ndi ya Word, kompyuta ya kumeneko ikasowa zilembo zanu imaika zina, mizere imasuntha, ndipo masamba 8 amasanduka 9. Mukafika, musalole kuti ayambe ndi 200. Atulutse kamodzi. Posindikiza mbali zonse asankhe Flip pages on short edge. Akasankha long edge, masamba akuseri amatuluka chadodolido. Onani ngati manambala akupanga 9, mupinde, mutsegule tsamba ndi tsamba.

Kabuku kameneko mupite nako pasiwa, kwa munthu uja banja lakupatsani. Muwerenge naye mokweza mayina onse, limodzilimodzi, iye akuwerenga pa zala ana ndi zidzukulu. Ngati mbiri ikuti anasiya ana 7, mayina akhale 7. Masiku muwayerekeze ndi chiphaso, osati ndi zokumbukira za anthu. Zaka muziwerengere bwino: munthu wobadwa mu Novembala 1948 akamwalira mu Juni 2024 ali ndi zaka 75, osati 76, chifukwa tsiku lake lobadwa linali lisanafike. Ndipo tsiku lomwalira la pachikuto lifanane ndi la mu mbiri. Akavomera, asaine pakabukuko, ndiye mukasindikize.

Zonsezi zithe Lachitatu dzuwa lisanalowe. Kudikira m'mawa wa Lachinayi ndi kubetcha ndi magetsi. Kumbukiraninso kuti sitepula wamba sifika pakati pa pepala la A4. Funsani ngati shopu ili ndi yaitali mkono. Ngati palibe, itambasuleni yanuyo, mugoneke mapepala chafufumimba pa katoni, mukhome mawaya awiri pamzere wopinda kuchokera kunja, kenako muwapinde m'kati ndi supuni. Timabuku 200 si ntchito ya munthu mmodzi. Mukhale anayi: awiri opinda, mmodzi wokhoma, mmodzi wotsegula kalikonse kuona ngati pepala lam'kati silinalowe mozondoka.

Mapepala mwapindawo musataye. Sabata yamawa aliyense abwere ndi kake atakayala pakompyuta, pogwiritsa ntchito chitsanzo cha agogo athuwa, ndipo tidzasindikiza kamodzikamodzi kuti tione nkhope ya ndani yada.